Wayifayi Yadzaza, Koma Intaneti Ikukwawa

Timizere ta wayifayi pafoni tadzaza tonse, koma vidiyo ikungozungulira. Anthu ambiri amathamangira kudzudzula kampani ya intaneti, chonsecho vuto lili m'nyumba momwemo.

Timizere tija timangonena za mtunda wochoka pafoni kufika pa kabokosi kowonjezera wayifayi. Satiuza kanthu za ulalo wachiwiri, wochoka pa kabokosiko kupita ku rauta yaikulu, ndipo ulalo umenewu ukafooka zonse zimafooka.

Tiyerekeze kuti pafupi ndi rauta pabalaza mwayeza liwiro n'kupeza 40 Mbps, koma kuchipinda komwe kuli kabokosi mukupeza 5 yokha. Nyamulani kabokosiko, mukaike mamita awiri kuchokera pa rauta, muyezenso foni italumikizidwa kwa iko. Liwiro likakwera, kabokosi n'kabwinobwino, cholakwika ndi malo. Mwina makoma a njerwa anafooketsa 5 GHz, ulalo n'kutsikira pa 2.4 GHz, yomwe imaboola makoma koma ndi yochedwa.

Kuika kabokosi m'chipinda chimene netiweki sifika n'kulakwitsa, chifukwa sikangagawe chimene sikakulandira. Kaikeni pakati pa rauta ndi chipindacho, pamwamba, osati kuseri kwa firiji kapena galasi. Ngati apu yake imaonetsa mphamvu ya ulalo, -60 dBm ndi yabwino, pomwe -75 ndi yofooka.

Dziwaninso kuti kabokosi kolankhula ndi foni komanso rauta pa wailesi imodzi kamadula liwiro pafupifupi theka. Ngati n'zotheka, kokani waya wa Efaneti kuchokera pa rauta, vutoli litheretu.