Setifiketi ya Scrum: Kodi Imapezetsa Ntchito?

Setifiketi ya PSM I ya Scrum.org munthu amaipeza poyankha mafunso 80 m'mphindi 60, n'kukhoza 85 peresenti. Ya CSM imafuna maphunziro a masiku awiri. Onse awiriwa ndi mapepala oonetsa kuti mumadziwa malamulo a Scrum, osati kuti munagwirapo ntchito m'gulu.

Vuto lagona apa: udindo wa Scrum Master nthawi zambiri amapatsa munthu amene wakhalitsa pantchito. Wongoyamba kumene akafunsidwa kuti, "Munatani ntchito itakanika kutha pa nthawi yake?" amangoti kukamwa yasa.

Pepalalo lingathandize kuti kalata yanu isatayidwe msanga, basi. Ngati ndalama zili zochepa, yambani mwapanga kapulogalamu ndi anzanu, m'zigawo za milungu iwiriiwiri. Olemba ntchito amafuna kuona zimenezo.