Mphindi khumi kuchoka ku Lilongwe kufika ku London

Munthu ali ku Lilongwe, watsegula Gmail nthawi ya 8 koloko m'mawa. Patapita mphindi khumi, wayatsa VPN n'kusankha seva ya ku London. Iye sanasunthe pampando, koma makina a chitetezo akuona zina: akaunti yadumpha makilomita pafupifupi 8,000 m'mphindi khumi. Limeneli ndi liwiro la makilomita 48,000 pa ola, pomwe ndege yonyamula anthu imathamanga pafupifupi 900 basi. Ulendo wotere ngosatheka, ndiye makinawo amaganiza kuti pasiwedi ili m'manja mwa anthu awiri.

Gwero la nkhaniyi ndi adiresi ya IP, nambala imene foni kapena kompyuta imaonekera nayo pa intaneti. Manambalawa amagawidwa kwa makampani m'magulumagulu, choncho n'zosavuta kudziwa kuti iyi ndi ya TNM, iyi ndi ya Vodacom ku South Africa. VPN imabisa nambala ya munthu n'kuonetsa ya seva yake. Tsoka lake, sevayo amadutsirapo anthu ambirimbiri, akuba omwe, ndipo adiresi yake imadziwika kuti ndi ya nyumba yosungira maseva, osati ya pakhomo pa munthu. Wina akaigwiritsa ntchito poyesa mapasiwedi akuba, mbiri yoipayo imagwera aliyense wodzera pomwepo.

Kukayikirako kuli ndi chifukwa. Mu 2013 akuba adathyola Yahoo, ndipo mu 2017 zidaululika kuti maakaunti onse 3 biliyoni adakhudzidwa. Zobedwa zotere amakaziyesa pa maakaunti ena, poti anthu ambiri pasiwedi yawo ndi imodzimodzi paliponse.

Dziko lachilendo palokha silitseketsa akaunti kawirikawiri. Makina amaphatikiza zizindikiro. Wofika ku Joni ndi foni yake yakale nthawi zambiri amadutsa bwinobwino, chifukwa foniyo ndi yodziwika. Koma akagula yatsopano, n'kulowa pa netiweki yachilendo, n'kuphonyanso pasiwedi kangapo, amafunsidwa umboni woti ndi iyeyo.

Apa ndiye pamene ambiri amakodwa. Nambala yotsimikizira imatumizidwa pa meseji ku simu ya kumudzi, yomwe mwina yatsala m'kabati ku Mangochi kapena sikugwira kunjako. Munthu amangobwerezabwereza, ndipo kubwerezako kumafanana ndendende ndi zochita za wakuba. Mapeto ake akaunti imatsekedwa kwa kanthawi.

Mankhwala ake ngokonzeratu ulendo usanayambe. Google imapereka manambala khumi apadera, iliyonse yogwira ntchito kamodzi, oti munthu alembe papepala n'kusunga. Pulogalamu ya Google Authenticator nayo imatulutsa nambala yatsopano masekondi 30 aliwonse, popanda simu kapena netiweki. Wa VPN asankhe dziko limodzi n'kukhazikika pamenepo, ndipo polowa ku banki ndi bwino kungoizimitsa.