Kasitomala Akalandira Katundu Wosakhala Wake

Malonda ambiri masiku ano amachitika wogula ndi wogulitsa osaonana. Munthu amaona chithunzi pa WhatsApp, amalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, katundu n'kunyamuka pa basi, pa galimoto ya kampani yonyamula maphukusi, kapena pa njinga ya kabaza ngati ndi m'tauni momwemo. Pa malonda otere zimachitika kuti wogula potsegula phukusi amapeza zimene sanaitanitse. Gwero lake kawirikawiri limakhala patebulo lolongedzera: maphukusi awiri amangidwa nthawi imodzi, mayina n'kudzalembedwa atamata kale, dzina la uyu n'kupita pa phukusi la uyo. Zikatero ndiye kuti olakwiridwa ndi awiri, ngakhale amene waimba foni ndi mmodzi.

Chitsanzo ndi sitolo ya nsalu ku Lilongwe. Mayi wina wa ku Mzuzu waitanitsa zitenje 12 zobiriwira za yunifomu ya chinkhoswe chimene chili Loweruka. Lachitatu m'mawa akatenga phukusi ku ofesi ya onyamula katundu, ndipo atafika kunyumba apeza zitenje 8 zofiira, zimene anaitanitsa bambo wina wa ku Zomba.

Mayiwa akaimba foni amakhala atapsa mtima, ndipo mpake, poti azibale awo asonkha ndalama ndipo telala akudikira. Wogulitsa ayenera kuwasiya alankhule mpaka amalize. Kenako amapempha zithunzi ziwiri, cha katundu amene wafika ndi cha kunja kwa phukusi pamene palembedwa dzina ndi nambala ya risiti. Pempho limeneli limafuna kusamala, chifukwa likanenedwa mwaukali kasitomala amamva ngati akumuyesa wabodza. Ndi bwino kunena chifukwa chake: zithunzizo zithandiza kudziwa kumene katundu wake wapita. Poyerekeza zithunzizo ndi uthenga wa oda komanso buku lolembamo zotumizidwa, wogulitsa amadziwa msanga ngati vuto linachitika polongedza, polemba mayina, kapena ku ofesi kumene munthu wapatsidwa phukusi la mwini.

Kupepesa sikudikira kuti kufufuza kuthe. Kasitomala analipira zobiriwira ndipo walandira zofiira, zimenezo n'zokwanira. Mawu ake akhale achidule, otchula cholakwacho ndi dzina lake, ndipo atsatane ndi zimene zichitike:

"Mayi, pepani kwambiri. Munaitanitsa zitenje 12 zobiriwira, ife takutumizirani zofiira. Kulakwa n'kwathu. Zanuzo tizitumiza lero masana, mawa m'mawa zikhala zili ku Mzuzu, ndipo simulipira kalikonse. Zofiirazo musavutike nazo, tituma munthu adzatenge kunyumba kwanu."

Pali mawu ena amene amaononga kupepesa konse. "Pepani ngati mwakhumudwa" amamveka ngati vuto ndi mtima wa kasitomala. "Ndi mnyamata wathu watsopano" kapena "ndi a basi aja" amakankhira mlandu kwa munthu amene kasitomala sanapangane naye chilichonse. Ngakhale atalakwitsadi ndi onyamula katundu, nkhaniyo wogulitsa akakambirane nawo payekha. Amene analandira ndalama ndiye amayankha.

Pamene malonda ambiri amalakwitsa ndi pa funso lakuti chiyambe n'chiyani, kubweza zolakwika kapena kutumiza zolondola. Ogulitsa ambiri amati, "Mubweze kaye, zikafika titumiza zanu." Mantha awo ndi omveka, poti safuna kutaya katundu kawiri. Koma masiku akawerengedwa zimaoneka kuti njirayi ndi yopweteka. Zofiira zikanyamuka ku Mzuzu Lachitatu madzulo zifika ku Lilongwe Lachinayi. Zobiriwira zikanyamuka tsiku lomwelo zifika Lachisanu, ndipo telala sangasoke zovala za anthu 12 usiku umodzi. Kasitomala amakhala akulangidwa pa cholakwa chimene sanachite. Ngati sitolo ili ndi zitenje zina zobiriwira, choyenera n'kutumiza nthawi yomweyo osadikira. Kudikira kumamveka pokhapokha katundu wolakwikayo ali wodula kwambiri kuposa woitanitsidwa, monga foni kapena makina, ndipo apo njira yabwino ndi kusinthana pamanja: wobweretsa zolondola ndiye atenge zolakwikazo ulendo womwewo. M'tauni imodzi wa kabaza mmodzi amamaliza zonse ziwiri.

Bambo a ku Zomba aja asadikiridwe kuti adandaule. Wogulitsa awaimbire mwamsanga, chifukwa mwina phukusi lawo likadali ku ofesi losatsegulidwa. Ngati m'sitolo zobiriwira zatha, phukusi limenelo ndilo chiyembekezo cha mayi a ku Mzuzu, ndipo lingatumizidwe kuchokera ku Zomba komweko popanda kudutsa kusitolo. Koma zonse aziyendetse wogulitsa. Si bwino kupereka nambala ya kasitomala mmodzi kwa mnzake kuti amvane okha.

Kukatenga katundu wolakwika ndi ntchito ya wogulitsa, ndipo ndalama yake ndi ya wogulitsa. Kasitomala ndiye amasankha nthawi ndi malo, kaya kunyumba kaya kuntchito. Amauzidwiratu dzina la amene akubwera, nambala yake ya foni ndi nthawi yofikira, kuti asapereke katundu kwa munthu wolakwika. Asanapereke, ndi bwino ajambule zitenjezo ndi kuziwerenga pamaso pa wotumidwayo, kuti pasadzakhale mkangano wakuti zinali 8 koma zafika 7. Nthawi zina kasitomala amadzipereka yekha kukasiya phukusi ku ofesi ya onyamula katundu. Zikatero wogulitsa atumize ndalama yoyendera ndi yolipirira phukusi asananyamuke. Kumuuza kuti "mulipire, tikubwezerani" n'kumukongoza ndalama munthu amene walakwiridwa kale. Komanso phukusi lotsegulidwa si chifukwa chokanira katundu, poti munthu sakanadziwa kuti ndi wolakwika popanda kutsegula. Zimasiyana ngati wayamba kugwiritsa ntchito, monga kudula nsalu atadziwa kale kuti si yake. Pamenepo pamafunika kukambirana za mtengo.

Phukusi lachiwiri siliyenera kulakwikanso. Wolongedza ajambule zitenje zobiriwirazo asanamange, atumize chithunzi kwa mayiwo, ndipo amange atalandira yankho lakuti ndi zomwezo. Dzina ndi nambala ya foni zilembedwe nthawi yomweyo, asanagwire phukusi lina. Akapereka kwa onyamula katundu, atumize chithunzi cha risiti ndi nthawi imene phukusi likuyembekezeka kufika. Zonse zimene zakambidwa pa foni zibwerezedwe mu uthenga wolembedwa. Lachinayi m'mawa wogulitsa ndiye ayambe kuimba kufunsa ngati zafika.

Nthawi zina katundu wolondola sangafike pa nthawi yake, kapena watheratu. Pamenepo wogulitsa anene zoona tsiku lomwelo, ndipo kasitomala asankhe yekha pakati pa kudikira, kutenga china, kapena kubwezeredwa ndalama zonse pamodzi ndi yotumizira. Kumukakamiza kusunga zimene sanaitanitse n'kulakwa, ndipo lamulo silili kumbali ya wogulitsa wotero: katundu wogulitsidwa pochita kufotokozedwa ayenera kufanana ndi zimene zinafotokozedwazo. Malawi ali ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo kasitomala amene sitolo ikukana kumuthandiza angathe kukadandaula ku bungwe la CFTC, atatenga risiti, uthenga wa malipiro ndi zithunzi za katunduyo.