Mzere Ukaima Pakati pa Sipulinti: Tchati Chotsika ndi Tchati Chokwera

Magulu opanga mapulogalamu a pakompyuta amene amatsata njira ya Scrum amagawa ntchito yawo m'zigawo zazifupi zotchedwa sipulinti. Sipulinti sipitirira mwezi umodzi, ndipo ambiri amasankha milungu iwiri, omwe ndi masiku 10 ogwira ntchito. Ntchito iliyonse imalembedwa pakhadi n'kupatsidwa mapointi molingana ndi kulemera kwake. Pofuna kuona mmene zinthu zikuyendera, pali matchati awiri odziwika. Mu pulogalamu ya Jira, china chimalembedwa `Burndown Chart`, chinacho `Burnup Chart`. Pano tizitchula choyambacho kuti tchati chotsika, chachiwiricho tchati chokwera. Masiku amene ntchito ikuyenda bwino, onse awiri amanena zofanana. Kusiyana kwawo kumaonekera tsiku limene mzere waima.

Tchati chotsika chimayankha funso limodzi lokha: kwatsala ntchito yochuluka bwanji? Masiku amandandalikidwa m'munsi, mapointi otsala m'mbali. Tiyerekeze kuti gulu latenga mapointi 40 pa sipulinti ya masiku 10. Pamajambulidwa mzere wowongoka wochoka pa 40 kukafika pa 0, wotsika ndi mapointi 4 tsiku lililonse. Umenewu ndi wongolozera chabe, palibe gulu limene limautsata ndendende. Mzere weniweni umatsika ngati masitepe, chifukwa pamene gulu likuwerenga mapointi, khadi silichotsa kanthu mpaka litatheratu. Khadi la mapointi 8 limene latsala pang'ono kutha limawerengedwabe 8.

Tchati chokwera chimatenga manambala omwewo n'kuwagawa pawiri. Mzere wam'munsi umayambira pa 0 n'kumakwera ntchito ikamatha. Wam'mwamba umasonyeza ntchito yonse imene ili m'sipulinti. Mpata wa pakati pa mizere iwiriyi ndiyo ntchito yotsala, ndipo sipulinti yatha bwino ngati yakumana.

Tsopano tione magulu awiri, onse a mapointi 40. Pomatha tsiku lachitatu onse atsala ndi 28, ndendende pamzere wolozera. Koma tsiku la 4, la 5 ndi la 6, nambala ikadali 28, pamene mzere wolozera wafika pa 16. Atsalira ndi mapointi 12, ndipo kuti amalize m'masiku 4 otsalawo afunika kumatsiriza mapointi 7 patsiku. Pa tchati chotsika cholembedwa kamodzi patsiku, magulu awiriwa ndi mapasa.

Komatu nkhani zawo n'zosiyana. Gulu loyamba silinamalize khadi ngakhale limodzi m'masiku atatuwo. Gulu lachiwiri linamaliza makhadi awiri. Tsiku la 4 linatsiriza la mapointi 5, koma tsiku lomwelo kunabwera vuto lachangu lochokera kwa kasitomala, nalonso la mapointi 5, n'kulowetsedwa m'sipulinti. Tsiku la 6 linatsiriza la mapointi 3, koma khadi lina limene ankaliyesa la 5 linapezeka lolemera, n'kulikweza kufika pa 8. Zili ngati thanki ya madzi: madzi akakhala pamlingo womwewo, mwina mpopi ndi wotseka, mwinanso olowa akufanana ndi otuluka. Kungoyang'ana mlingo sikungakuuzeni.

Apa ndi pamene tchati chokwera chimaposa chinzake. Kwa gulu loyamba, mizere yonse iwiri yagona: wam'munsi pa 12, wam'mwamba pa 40. Kwa gulu lachiwiri, yonse yakwera: wam'munsi wafika pa 20, wam'mwamba pa 48. Mpata ndi 28 konsekonse, koma tsopano aliyense akuona kuti gulu lachiwiri likugwira ntchito, kungoti katundu akuwonjezeka. Kulidzudzula kuti likuchita ulesi kungakhale kulilakwira. Tchati chotsika cha Jira chimathandizako pang'ono pamenepa, chifukwa chimalemba kusintha kulikonse pa nthawi imene kwachitika, moti mzere umatsika n'kukweranso. Komabe munthu ayenera kuchita kufufuza, pamene pa tchati chokwera zili poyera.

Tisachikweze mopitirira tchati chokwerachi. Chasonyeza kuti gulu lachiwiri likuyenda, koma kuyendako sikulipulumutsa. Mapointi 20 m'masiku 6 ndi mapointi 3 ndi kachidutswa patsiku, ndiye m'masiku 4 otsala likhoza kumaliza pafupifupi 13 mwa 28 aja. Munthu woyang'ana mzere wokwera akhoza kukhazika mtima pansi n'kuiwala mpata. Tchati chotsika sichilola zimenezo: mzere umodzi uli pamwamba pa unzake, ndipo aliyense wolowa m'chipindamo akuona kuti nthawi ikutha. Pamsonkhano wa tsiku ndi tsiku, womwe ndi wa mphindi 15 zokha, kuphweka kumeneku n'kofunika.

Palinso malire amene matchati onse awiri amalekezera. Tikabwerera kwa gulu loyamba lija, onse amangoti palibe chatha, osanena chifukwa. Yankho lili pabolodi pamene pali makhadi. Choyamba n'kuona ngati anthu sanaiwale kusuntha makhadi amene anatha kale, pakuti Jira imachotsa mapointi pokhapokha khadi likafika m'danga lomaliza la bolodi, limene kawirikawiri limalembedwa `Done`. Ngati si zimenezo, yang'anani pamene makhadi aunjikana.

Mwina makhadi atatu a mapointi 13 onse pamodzi akudikira kuyesedwa, pamene woyesa ndi mmodzi. Apa ntchito yagwiridwa ndithu, ndipo mzere ukhoza kugwa mwadzidzidzi kuchoka pa 28 kufika pa 15. Mankhwala ake ndi akuti olemba pulogalamu aleke kuyamba makhadi atsopano, athandize kuyesa amene alipo. Koma kugwako sikotsimikizika, chifukwa khadi lopezeka ndi cholakwika limabwerera m'mbuyo. Mwinanso anthu asanu atenga aliyense khadi lake lalikulu, onse ali pakatikati, ndipo zonse zidzathera limodzi kumapeto kapena osatha n'komwe. Gulu lotere liyenera kugwirira limodzi makhadi ochepa, ndipo sipulinti yotsatira lidzaduliretu ntchito m'zidutswa zotheka m'tsiku limodzi kapena awiri. Kapena khadi lalikulu likudikira chinthu chochokera kunja, monga chilolezo cholowera pa seva ya gulu lina. Kumeneku ndiko kuima kwenikweni, ndipo kulimbikira kwa gulu sikungakuthetse. Pamafunika munthu wopita kukagogoda kwa eni akewo tsiku lomwelo.

Gulu lachiwiri mankhwala ake ndi ena. Liyenera kukhala pansi ndi amene amasanja ntchito molingana ndi kufunika kwake, n'kugwirizana kuti mwa mapointi 28 otsalawo ndi ati amene cholinga cha sipulinti chadalira, ndi ati amene atuluke. Buku la Scrum Guide la 2020, lolembedwa ndi Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland, limalola kukambirananso kuchuluka kwa ntchito m'kati mwa sipulinti, bola cholinga chisasokonezeke. Limatchulanso matchati onse awiriwa ngati zida zothandiza, osakakamiza chilichonse.

Ndiye tisankhe chiti? Gulu limene ntchito yake sisintha sipulinti ikayamba, tchati chotsika chimalikwanira, pakuti mzere wam'mwamba wa tchati chokwera ungangokhala chigonere, osawonjezera nzeru iliyonse. Gulu limene limalandira ntchito zadzidzidzi pafupipafupi lipindula ndi tchati chokwera, chifukwa chimaonetsa katundu wowonjezedwa pamaso pa amene akumuwonjezayo. Tsiku limodzi la mzere wogona si nkhani. Akakwana masiku awiri kapena atatu pa sipulinti ya masiku 10, funsani kaye ngati ntchito yonse yakula, ndipo ngati sinakule, pitani pabolodi mukawerenge makhadi amene ayambidwa koma sanathe.