Mphamvu zitatu za magetsi ndi chithunzi cha makona atatu

Chipangizo chilichonse cholumikizidwa ku magetsi a m'nyumba, a waya wamoto mmodzi ndi waya wobwerera mmodzi, chimakhala ndi mphamvu zitatu zoyenera kuziwerengera. Yoyamba ndi mphamvu yogwira ntchito, imene imasanduka kutentha, kuwala kapena kuzungulira kwa mota. Imayezedwa m'mawati, W, ndipo chizindikiro chake ndi P. Yachiwiri ndi mphamvu yobwerera, imene imangopita ku chipangizo n'kubwereranso osagwira ntchito iliyonse. Imayezedwa m'mavara, var, ndipo chizindikiro chake ndi Q. Yachitatu ndi mphamvu yooneka, imene imapezeka pochulukitsa voliteji ndi karenti. Imayezedwa mu VA, ndipo chizindikiro chake ndi S. Zitatuzi siziphatikizidwa ngati ndalama za m'thumba. Ubale wake umaoneka pozijambula ngati mbali za chithunzi cha makona atatu.

Kumene mphamvu yobwerera imachokera

Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba pa mavoliti 230, ndipo amasinthasintha kolowera, kumaliza mizungulire 50 pa sekondi iliyonse. Voliteji imakwera, imatsika, imatembenuka, n'kukweranso. Karenti nayo imatero. Funso lalikulu ndi lakuti kodi ziwirizi zikuyendera limodzi kapena ina ikutsalira.

Mu ketulo, ayironi kapena mbaula yamagetsi muli waya wongotentha basi. Mmenemo karenti imakwera ndi kutsika nthawi imodzi ndi voliteji, choncho mphamvu yonse yolowa imasanduka kutentha. Palibe yobwerera, ndipo P ndi S zimafanana.

Mu mota ya pampu, ya firiji kapena ya fani, ngakhalenso mu thiransifoma ya makina owotcherera zitsulo, muli makoyilo a waya. Koyilo imagwira ntchito popanga maginito, ndipo maginitowo amafuna mphamvu kuti apangike. Karenti ikamakula, koyilo imatenga mphamvu n'kuisunga m'maginito. Karenti ikamachepa, maginito amatha ndipo mphamvu ija imabwerera kumene inachokera. Zimenezi zimachitika ka 100 pa sekondi, kawiri pa mzungulire uliwonse. Zili ngati katungwe: amapita n'kubwera tsiku lonse koma safika kulikonse, komabe chingwe chake chimamva kulemera. Momwemonso mphamvu yobwerera siithera mu mota, koma waya amanyamula karenti yake popita ndi pobwera.

Chifukwa cha makoyilowa, karenti imatsalira m'mbuyo mwa voliteji. Mzungulire umodzi amauwerenga ngati madigiri 360, ndipo kutsalirako kumayezedwa ngati ngodya yotchedwa φ, kalembo kachigiriki kotchulidwa kuti "fai". Mu ketulo ngodyayo ndi 0. Mu koyilo yangwiro, yosatentha m'pang'ono pomwe, ikanakhala madigiri 90 ndipo mphamvu yonse ikanakhala yobwerera. Mota zenizeni zimakhala pakati pa ziwirizi.

Kujambula makona atatu

Nachi chitsanzo cha pampu ya pachitsime yoyendera mavoliti 230. Mita ya chopanira, ija amagetsi amaipana pa waya mmodzi, ikusonyeza maampeya 10. Mita yoyeza mawati ikusonyeza 1840. Mphamvu yooneka imapezeka motere:

S = V × I = 230 × 10 = 2300 VA

Apa pali kusiyana. Waya akunyamula karenti yokwanira 2300, koma yogwira ntchito ndi 1840 yokha. Wosadziwa angachotsere n'kunena kuti mphamvu yobwerera ndi 460. Yankho limenelo ndi lolakwika, ndipo chithunzi chimasonyeza chifukwa chake.

Pa pepala, sentimita imodzi iimire 230. Mzere woyamba ndi wogona, kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo ukuimira P. Kutalika kwake ndi masentimita 8, chifukwa 1840 kugawa ndi 230 ndi 8. Pamapeto pake pamakwera mzere woima chilili, woimira Q. Umaima chilili chifukwa gawo la karenti lopanga maginito limatsalira ndi madigiri 90 ndendende. Mzere wachitatu ndi wopendekera, wochokera poyambira mzere wogona kukafika pamwamba pa woima, ndipo ukuimira S. Uyenera kukhala masentimita 10. Akatsegula kampasi pa masentimita 10 n'kulemba kuchokera poyambira paja, imadula mzere woima pa masentimita 6. Choncho Q ndi 6 kuchulukitsa ndi 230, ndiko kuti mavara 1380.

Masamu ake ndi lamulo la Pythagoras lomwe limaphunzitsidwa kusekondale:

S² = P² + Q²

Amisiri omanga nyumba amalidziwa kale lamuloli, poti poongola kona ya maziko amayeza 3, 4 ndi 5 ndi chingwe. Pampu iyi ikutsata muyeso womwewo wowirikiza kawiri: 6, 8 ndi 10.

Ngodya ya pakati pa mzere wogona ndi wopendekera ndi φ yemwe uja. Pa chithunzichi ndi pafupifupi madigiri 37. Munthu akadziwa ngodyayo, mbali ziwiri zija zimapezekanso chonchi:

P = V × I × cos φ

Q = V × I × sin φ

Kugawa P ndi S kumapereka nambala imene amagetsi amaitcha pawa fakita, ndipo pa chikwangwani cha mota imalembedwa kuti cos φ. Apa ndi 1840 kugawa ndi 2300, yomwe ndi 0.8. Nambalayi siposa 1. Ikamayandikira 1, makona atatu amaphwatalala ndipo mzere wopendekera umatsala pang'ono kugona pa P. Ikamatsika, mzere wa Q umatalika.

Chifukwa chake jenereta imalembedwa mu kVA

Mayunitsi ogula a m'nyumba amawerenga mphamvu yogwira ntchito yokha. Pampu ija ikayenda ola limodzi imadya mayunitsi 1.84, osati 2.3. Koma waya, fyuzi, invetala, jenereta ndi thiransifoma zimatentha malinga ndi karenti yonse yodutsamo, posasankha kuti ndi yogwira ntchito kapena yobwerera. N'chifukwa chake kukula kwa jenereta ndi thiransifoma kumalembedwa mu kVA, ndiponso mafakitale akuluakulu amalipiritsidwa molingana ndi ma kVA amene amakoka.

Jenereta yolembedwa 2 kVA imatha kupereka maampeya pafupifupi 8.7 pa mavoliti 230. Woona nambala ya 1840 yokha angaganize kuti jeneretayo ikwanira pampu, chonsecho pampuyo ikufuna maampeya 10. Zotsatira zake ndi kutentha kwa makoyilo a jenereta, kutsika kwa voliteji ndi kuzimazima kwa buleka. Kuwonjezera apo, mota ikamayamba kuzungulira imakoka karenti yochuluka kangapo kuposa ya nthawi zonse, choncho jenereta yoyenera imakhala yokulirapo kuposa 2300 VA.

Pamene zipangizo zili ziwiri pa waya mmodzi, ma S ake saphatikizidwa. Amaphatikiza ma P paokha, ma Q paokha, kenako n'kujambula makona atatu atsopano. Pampu ija ikamayenda pamodzi ndi mbaula ya mawati 1000, P imakhala 2840 pamene Q ikadali 1380. Mzere wopendekera umatuluka pafupifupi 3158 VA, osati 3300, ndipo pawa fakita imakwera kufika pa 0.9.

Kufupikitsa mzere woima

Kapasita imachita zosemphana ndi koyilo. Mmenemo karenti imatsogola voliteji, ndipo imabweza mphamvu pa nthawi imene koyilo ikuifuna. Ikalumikizidwa pambali pa mota, pakati pa waya wamoto ndi wobwerera, ziwirizi zimangopatsirana mphamvu yobwerera pafupi pomwepo, m'malo moti iziyenda ulendo wonse kuchokera ku thiransifoma. Pa chithunzi, Q ya kapasita imaloza pansi ndipo imachotsedwa pa Q ya mota.

Kuti pawa fakita ya pampu ikwere kuchoka pa 0.8 kufika pa 0.95, P sisintha, ikadali 1840. S yatsopano ndi 1840 kugawa ndi 0.95, pafupifupi 1937 VA, ndipo Q yotsala ndi pafupifupi 605. Kapasita iyenera kupereka kusiyana kwa 1380 ndi 605, komwe ndi mavara 775. Kukula kwake kumapezeka motere, pamene f ndi 50:

C = Q ÷ (2π × f × V²)

Yankho ndi pafupifupi 47 µF. Karenti ya m'waya wochokera ku mita imatsika kuchoka pa maampeya 10 kufika pa 8.4, ndipo pa pepala mzere wopendekera umafupika kuchoka pa masentimita 10 kufika pa 8.4. Phindu lake limaoneka pa kutentha kwa waya, komwe kumatsata I² × R. Ngati waya wopita kuchitsime ndi wobwerera ali ndi theka la omu, poyamba ankataya mawati 50, ndipo tsopano akutaya pafupifupi 35. Mota yeniyeniyo ikukokabe maampeya ake 10 ndipo madzi akutuluka chimodzimodzi. N'chifukwa chake tizipangizo tolowetsa pa soketi, togulitsidwa ndi lonjezo lochepetsa kwambiri mayunitsi, sitikwaniritsa lonjezolo: kapasita imachepetsa Q, pamene mita ya m'nyumba imawerenga P.

Kapasita yoikidwa chonchi ndi yosiyana ndi ija imabwera kale pa mota kuti iithandize kuyamba kuzungulira. Iyenera kukhala yopangidwira magetsi osinthasintha a voliteji imeneyi, ndipo iyatsidwe ndi kuzimitsidwa pamodzi ndi mota. Ikakula mopitirira, mzere wa Q umadutsa mzere wogona n'kuloza pansi, karenti imayamba kutsogola voliteji ndipo imakweranso. Chizindikiro chake ndi chakuti powonjezera makapasita, mita ya chopanira imatsika, n'kufika pena pamene imayamba kukwera. Kapasita imathanso kusunga magetsi pambuyo pozimitsa, choncho ntchito imeneyi ndi ya wamagetsi wophunzira.

Malire a chithunzichi

Makona atatu a chipangizo chimodzi sakhala ofanana nthawi zonse. Mota ikamazungulira yopanda katundu, P imachepa kwambiri pamene Q imasintha pang'ono, motero pawa fakita imagwa. Nambala ya pa chikwangwani ndi ya mota yosenza katundu wake wonse. Komanso mawati olembedwa pa chikwangwanicho kawirikawiri ndi otuluka pa shafuti. Olowa kuchokera ku waya, omwe ndiwo P, amakhala ochulukirapo chifukwa ena amathera pa kutenthetsa mota.

Malire ena ndi akuti chithunzichi chimalondola pokhapokha voliteji ndi karenti zonse zikukwera ndi kutsika mosalala ngati funde. Matchaja a foni, makompyuta ena ndi mababu ena a LED amakoka karenti modukizadukiza, pamene voliteji yafika pamwamba pokha. Pa zipangizo zotere S ikadali V × I ndipo pawa fakita ikadali P kugawa ndi S, koma nambalayo siifanananso ndi cos φ, ndipo kapasita yokha singaikonze. Kuziyeza molondola kumafuna mita yolembedwa True RMS pamodzi ndi mita yoyeza mawati mwachindunji.