Moni wa pabwalo uli ndi mzere wake

Munthu akhoza kukonza msonkhano kwa mwezi wathunthu, kubwereka mipando kutchalitchi, kupha mbuzi, koma n'kuuwononga m'mphindi ziwiri zoyambirira. M'midzi yozungulira Mitundu ndi Nathenje, kummwera kwa boma la Lilongwe, wolandira alendo akadumpha mfumu popereka moni anthu samukuwiza. Amangokhala chete, kenaka azibambo akumbuyo amayamba kunong'onezana, ndipo zimene anene pambuyo pake sizilowanso m'khutu la munthu.

Chimene chimasokoneza ambiri, makamaka achinyamata amene angosankhidwa kumene m'makomiti a sukulu ndi a chitukuko, n'chakuti pabwalo pamayenda mizere iwiri yosemphana. Moni amayambira kumwamba kutsika m'munsi. Koma kulankhula kumayambira m'munsi kukwera kumwamba. Munthu woyamba kutchulidwa popereka ulemu ndi yemwe amalankhula kumapeto kwenikweni, ndipo iye akakhala pansi palibenso wina woimirira, kupatula wopereka pemphero lotsekera.

Mwachitsanzo, komiti ya sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Mitundu ikulandira chipinda chophunziriramo chatsopano. Mlendo wolemekezeka ndi bwanamkubwa wa boma la Lilongwe. Pafikanso phungu wa Nyumba ya Malamulo, mfumu yaikulu ya deralo, khansala, magulupu awiri, nyakwawa zisanu, abusa ndi mlangizi wa maphunziro. Wapampando wa komiti, amene wapatsidwa mawu olandira alendo, amayamba ndi "zikomo", n'kudikira kuti bwalo lizizire. Akatero ndiye amati:

"Ndilemekeze mlendo wathu wolemekezeka, bwanamkubwa wa boma lino la Lilongwe. Ndilemekeze Gogo Chalo, olemekezeka aphungu athu, akhansala, magulupu ndi nyakwawa zonse, makamaka eni nthaka imene takhalapoyi. Ndilemekeze atsogoleri a mipingo, akuluakulu a maphunziro, aphunzitsi, amayi ndi abambo, anyamata ndi atsikana."

Ndi mawu ochepa, koma muli zinthu zingapo zimene wosadziwa sangazione. Mlendo wolemekezeka amakhala woyamba chifukwa cha mpando umene wapatsidwa tsikulo, ngakhale pabwalopo pakhale ena omuposa msinkhu kapena udindo. Amene ali okha paudindo wawo amatchulidwa payekhapayekha, pomwe amene ali ambiri amatchulidwa pagulu. Wapampando akayamba kutchula nyakwawa zisanu zija mayina, ayenera kumaliza zonse zisanu. Kutchula zinayi n'kuiwala imodzi n'kulakwa kwakukulu kuposa kungoti "nyakwawa zonse".

Kumbali ya mafumu mzere suvuta kwenikweni chifukwa makwerero ake ndi odziwika. Lamulo la mafumu la 1967 limazindikira mafumu aakulu ndi othandizana nawo, ndipo kumudzi aliyense amadziwa kuti pansi pa mfumu ya ndodo pali gulupu, pansi pa gulupu pali nyakwawa. Mayina ngati Chadza, Chiseka, Kalumbu ndi Mazengera, amene amamveka m'madera amenewa, ndi mayina a mipando. Mfumu imatchulidwa ndi dzina la mpando wake, osati dzina limene inkalembera mayeso kusukulu, ngakhale wolankhulayo akhale kuti ankaweta nayo mbuzi ali ana. Ikalephera kubwera n'kutuma nduna, ndunayo imalandira moni pamalo pomwe pakanakhala mfumuyo: "amene mwaimira Gogo Chalo".

Ndiye pali nyakwawa ya mudzi umene pachitikira mwambowo. Pamakwerero ili m'munsi, koma bwalo ndi lake. Ndi iyo imene inaloleza kuti anthu asonkhane, ndi iyo inamema anyamata oumba njerwa ndi amayi otunga madzi. N'chifukwa chake wolankhula wochenjera amaipatula ndi mawu akuti "eni nthaka" kapena "eni mudzi", ndipo pamndandanda wa olankhula imakhala mwa oyambirira, kuti ipereke bwalo kwa gulupu, gulupu n'kupereka kwa mfumu yaikulu. Bwanamkubwa akwera galimoto n'kubwerera ku Lilongwe dzuwa lisanalowe, mwina osakumbukira n'komwe kuti anatchulidwa kachingati. Nyakwawa imene yadumphidwa itsala pomwepo, ndipo komiti ikadzafuna mchenga wa chimbudzi cha atsikana idzagogoda pakhomo pake. Nthawi zina nkhani yotere imathera pa kupepesa ndi nkhuku.

Povuta ndi pamene mzere wa mafumu wakumana ndi mzere wa boma ndi ndale. Kodi ayambe ndi phungu kapena mfumu yaikulu? Nanga khansala alowe pati? Funso la khansala lili ndi mbiri yake. Makhansala anasankhidwa m'chaka cha 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. Kwa zaka 9 oyendetsa miyambo anazolowera mzere wopanda khansala, moti atabwerera anapeza kuti malo ake ayenera kufunidwanso.

Pamisonkhano yokonzedwa ndi maofesi a boma, kawirikawiri aphungu ndi akuluakulu a khonsolo amatsogola, mafumu n'kutsatira. Pabwalo la kumudzi ambiri amaika mfumu yaikulu pambuyo penipeni pa mlendo wolemekezeka, monga anachitira wapampando uja. Njira yachiwiriyi ili ndi nzeru yake: phungu amabwera ndi mavoti ndipo amatha kupita ndi mavoti pakatha zaka zisanu, pomwe mpando wa ufumu umakhalapobe. Koma chachikulu n'chakuti asankhe mzere umodzi mwambo usanayambe, aulembe papepala, ndipo olankhula onse autsate. Mkangano umabuka pamene woyamba waika mfumu patsogolo, wachiwiri n'kuika phungu, anthu n'kuyamba kuwerenga kuti uyu ali mbali iti.

Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chinabweretsa vuto lina lakale lomwe. M'madera amene mipando inasintha, phungu wakale ndi watsopano amatha kukumana pamaliro amodzi. Amene ali pampando ndiye amayamba, ndipo wakaleyo amalandira ulemu wake pambuyo ndi mawu omveka bwino akuti "aphungu athu akale". Chimodzimodzi pamudzi pamene anthu awiri akulimbirana ufumu. Kutchula mmodzi ndi dzina la mpando pa chimkuzamawu kuli ngati kugamula mlandu umene akuluakulu sanaugamule. Apa mawu akuti "mafumu onse amene muli pano" amapulumutsa wolankhula.

Pamaliro mzere umasinthako pang'ono. Wolankhula m'malo mwa banja amalemekeza mafumu ndi a mpingo, koma saiwala eni mbumba a mbali zonse ziwiri, kuchimuna ndi kuchikazi, ndiponso adzukulu amene akhala kumanda kuyambira m'bandakucha. Adzukulu alibe mipando ya kutsogolo, koma amene anaonapo atanyanyala sangawadumphe.

Masiku ano kwafala njira yachidule yakuti "nonse mulemekezeke monga mwa maudindo anu". Siyoipa. Olankhula asanu ndi mmodzi aliyense akabwereza mndandanda wonse, ana amene akhala padzuwa kuyambira m'mawa amayamba kuthawa mmodzimmodzi mlendo wolemekezeka asanatsegule pakamwa. Koma njirayi ndi ya wolankhula wachitatu kapena wachinayi, amene wapeza ulemu utaperekedwa kale. Wolandira alendo alibe mwayi umenewo, chifukwa moni wake ndi umene umadziwitsa bwalo kuti kwabwera ndani.

N'chifukwa chake ntchito yeniyeni imachitika mwambo usanayambe. Wapampando amapita kwa nduna ya mfumu kukafunsa kuti mafumu amene afika ndi ati, wakwezedwa posachedwa ndani, watumidwa ndani. Amaikanso mnyamata mmodzi kufupi ndi msewu, woti gulupu akatulukira mochedwa pa njinga, athamange kudzamunong'oneza asanamalize mawu ake.