Gemu ndi yomweyo, bwanji mtengo ukusiyana chonchi?

Mu 1987 kampani ya Bandai inatulutsa ku America gemu yothamanga ndi kulumpha yotchedwa Stadium Events, yosewerera pa makina a NES. Wosewera ankapondaponda pa mkeka wapulasitiki wolumikizidwa ku makinawo. Pasanapite nthawi, Nintendo inatenga mkekawo n'kuupatsa dzina lina, ndipo mu 1988 gemuyo inatulukanso pa dzina lakuti World Class Track Meet. Mukayika makatiriji awiriwa m'makina, masewera ake ndi omwewo. Koma ya dzina latsopano ili mbwee ndipo njotchipa, pomwe ya dzina loyamba, makamaka ya ku America, anthu amaigula madola masauzande ambiri chifukwa yomwe inafika m'manja mwa anthu inali yochepa kwambiri.

Apa mpamene pagona nkhani yonse. Wosonkhanitsa magemu akale sakulipira masewerawo, pakuti masewerawo angathe kuwapeza mwanjira zina. Akulipira chinthu chimene chinatuluka m'fakitale m'chaka chakutichakuti n'kupulumuka mpaka lero. Kusowa kumakweza mtengo, koma kusowa pakokha sikukwanira. Pafunikanso anthu ambiri ochilakalaka. Super Mario 64 inagulitsidwa mamiliyoni, siyosowa konse. Komabe mu Julaye 2021 imodzi yosatsegulidwa, ili m'pulasitiki yake ya kufakitale, inagulidwa pa madola 1.56 miliyoni pa okushoni ya Heritage Auctions. Chosowa pamenepo chinali bokosi limene mwana aliyense sanaling'ambe kwa zaka 25. Mtengo umenewo unautsa mapiri pachigwa pakati pa osonkhanitsa eni ake, ndipo ine ndili kumbali ya amene amati unakwera mopitirira muyezo. Koma masanjidwe ake ngomveka: katiriji yopanda bokosi ili pansi, yokhala ndi bokosi ndi kabuku kake ili pakati, yosatsegulidwa ili pamwamba.

Ndalama zikachuluka, opanga zafeki nawo amafika. Ambirife tinakula ndi makatiriji achikasu aja olembedwa kuti muli magemu mazanamazana, koma aja sanamize munthu. Aliyense amadziwa chimene ali. Oopsa ndi opangidwa dala kuti afanane ndi enieni. Gemu imodzi imene yavutika nawo kwambiri ndi Pokémon Emerald ya Game Boy Advance, yomwe inatuluka ku Japan mu 2004 ndi kumayiko ena mu 2005. Tiyerekeze kuti wina wakuikirani imodzi patebulo.

Yambani ndi pepala lomatidwa kutsogolo. Lenileni limanyezimira mukalitembenuza pa kuwala, ndipo zilembo zake zimaoneka bwinobwino, zosafufutika m'mbali. Pansi pake pali nambala ya katiriji: ya ku America ndi AGB-BPEE-USA, ya ku Ulaya yachingerezi ndi AGB-BPEP-EUR. Tsopano ipendekeni pang'ono. Chakumanja kwa pepalalo mupeza manambala awiri, nthawi zina ndi chilembo, odindidwa popanda inki, ongolowa m'pepala. Amenewa amadindidwa kufakitale ndipo zafeki zambiri zilibe. Komatu pepala lokha lisakukhutiritseni. Katiriji yeniyeni yogwiritsidwa ntchito kwambiri chidindocho chimafufutika, ndipo opanga zafeki ena aphunzira kuchitsanzira.

Umboni wolimba uli mkati. Mwayi wake, chikuto cha Emerald nchobiriwira choonekera mkati, choncho zina mungazione musanamasule. Itembenuzeni: kumsana, chakumtunda kumanzere, yeniyeni imaonetsa timabokosi tinayi tagolide pa bolodi yake. Suzumirani kukamwa kwake, pamwamba pa timano tagolide tolowa m'makina. Payenera kuoneka dzina la Nintendo lolembedwa moyera, pamodzi ndi chaka ndi nambala ya bolodi. Wogulitsa akalola, masulani kasikuluu kamodzi ka kumsana. Mutu wake ngwa nthambi zitatu ndipo umafuna sikuludiraiva yakeyake. Musakakamize ndi mpeni, mungawononge chinthu cha mwini. Mkati mwa yeniyeni mupeza matchipi amakona anayi a timiyendo toonekera, ndi kabatire kozungulira ka mtundu wa CR1616 kowotchereredwa pa bolodi. Mukaona chibulumwa chakuda chonga dontho la phula chitaphimba tchipi, imeneyo njafeki, ngakhale pepala lake likongole bwanji.

Kabatire kameneka kamasokoneza anthu ambiri. Mukayatsa Emerald yakale, nthawi zambiri imalemba kuti "The internal battery has run dry". Ogula atsopano amaopa kuti yafa. Sinafe. Kabatireko kamangoyendetsa wotchi ya mkati, imene imakulitsa zipatso za m'gemumo, pomwe zimene mwasunga zimakhala pa tchipi yosafuna moto. Zimenezi nzosiyana ndi Pokémon Gold ndi Silver, zomwe batire likatha zonse zimene munasunga zimapita. Ndipo FireRed ndi LeafGreen zenizeni zilibe batire n'komwe, kotero mukalipeza mkati mwa imodzi ya zimenezi, mwagwira yabodza. Batire lakutha limasinthika, koma yang'anani mmene analiwotcherera: ntchito yauve, kapena batire longomatidwa ndi tepi, imatsitsa mtengo.

Palinso makatiriji osakanizidwa, bolodi yeniyeni m'chikuto chatsopano kapena pepala losindikizidwa dzulo pa katiriji yakale. Amasewereka bwino ndipo kugulitsa zotere si mlandu ngati wogulitsa wanena. Koma kwa wosonkhanitsa, pepala lakale lokalikakalika pang'ono limaposa latsopano lowala.

Zimbale zili ndi mavuto akeake. Za PlayStation yoyamba pansi pake mpakuda, ndipo chimbale chowotchedwa pa kompyuta nthawi zambiri chimakhala chasiliva, chobiriwira kapena chabuluu, dzina lake lolembedwa ndi cholembera kapena pa pepala lomata. Poti zimbale zopanda kanthu zakuda ziliponso, yang'anani kamkombero ka pafupi ndi chibowo chapakati: cha kufakitale chimakhala ndi timanambala tosindikizidwa pamenepo, togwirizana ndi gemuyo.

Poona ngati chili bwino, anthu ambiri amathamangira pansi, chonsecho mbali yosalimba ndi ya pamwamba. Pa chimbale cha mtundu wa CD, kansalu kachitsulo konyamula gemu kali pansi penipeni pa zolemba, kotetezedwa ndi utoto wopyapyala basi. Zokalika za pansi zili pa pulasitiki yochindikala, ndipo makina opalira amazichotsa. Zokalika zozama za pamwamba zimachotsa gemu yeniyeniyo, ndipo palibe mmisiri angaibweze. Choncho chikwezeni pa nyali yowala. Mukaona timabowo tolowetsa kuwala ngati tobooledwa ndi singano, kapena mawanga a bulauni, chitsulocho chayamba kuwonongeka. Pakati pa zokalika za pansi, yoyenda mozungulira njoipa kuposa yochoka pakati kupita m'mphepete, chifukwa gemu inalembedwa mozungulira, ndiye yozungulira imaphimba mzere wautali wotsatizana mpaka makina kulephera kulumikiza zosowazo.

Gemu kungoyaka si umboni wakuti chimbale chili bwino, pakuti mbali yowonongeka ingakhale patsogolo kwambiri m'masewerawo. Pa katiriji nayonso, musalekere pa chithunzi choyamba. Yambani gemu, sungani, zimitsani makina, dikirani pang'ono, kenako yatsaninso muone ngati zimene munasunga zilipobe. Ngati mukugula kutali, pemphani chithunzi cha bolodi ndi cha kamkombero ka chimbale, ndipo wogulitsa wokana kujambula zimenezo musamutumizire ndalama.